Mwendo Wachiwiri wa 741: Pamene Pamakhala Ziro Popanda Waya Wopita Pansi

Nkhani ya lero ikuyambira patebulo la ntchito. Pali kachipu ka miyendo isanu ndi itatu kolembedwa 741 pamsana, marezisita awiri, magetsi a +12 V ku mwendo 7 ndi a −12 V ku mwendo 4. Rezisita yoyamba, ya 10 kΩ, yachokera komwe siginolo ikulowera n'kukathera pa mwendo 2. Yachiwiri, ya 100 kΩ, yachokera pa mwendo 2 womwewo n'kukagwira mwendo 6, womwe ndi potulukira. Mwendo 3 walumikizidwa ku giraundi.

Mmisiri akalowetsa theka la volti, mita imawerenga −5 V pa mwendo 6. Siginolo yakula kakhumi ndipo yatembenuka. Zimenezi sizidabwitsa kwenikweni, poti ndiyo ntchito ya ampulifaya. Chodabwitsa chimabwera mmisiri uja akasuntha nsonga ya mita n'kuigunditsa pa mwendo 2. Mita imati ziro. Akakweza siginolo, mita imatibe ziro. Akaitsitsa, ziro yemweyo. Komatu palibe waya aliyense wolumikiza mwendo umenewu ku giraundi, ndipo wina atadula kachipuko pakati sangapezemo chitsulo chogwirizanitsa mwendo 2 ndi mwendo 3.

Ziro ameneyu ndiye mwini nkhani yonse. Wodziwa chimene chimamusunga pamenepo safunikanso kuloweza masamu a ampulifaya yotembenuza, chifukwa amatha kuwapeza yekha papepala. Amadziwanso nthawi imene masamuwo asiya kunena zoona.

Opampu ngati 741 ili ndi polowera pawiri, pa mayinasi ndi pa pulasi, ndipo imadziwa ntchito imodzi yokha basi. Imatenga kusiyana kwa volteji ya malo awiriwa n'kukuchulukitsa ndi nambala yaikulu kwambiri. Kwa 741, opanga amati nambalayo imakhala cha m'ma 200,000 pa siginolo zosasintha msanga. Kukula kotereku pakokha n'kopanda ntchito. Kusiyana kochepa zedi, kosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10,000 a volti, kumakwanira kukankhira potulukira mpaka kumapeto a magetsi. Ndiponso nambalayo siikhazikika. Tichipu tiwiri tochokera m'bokosi limodzi timasiyana, ndipo kachipu komweko kamasintha kakatentha.

Mankhwala a vutoli anapezeka kachipu kasanabadwe. Mu 1927, Harold Black, injiniya wa ku Bell Labs ku America, ankavutika ndi maampulifaya a mafoni a mtunda wautali omwe ankapotoza mawu. Ali pa boti lowolotsa anthu pamtsinje wa Hudson popita kuntchito, anaganiza zobweza gawo la zotuluka kupita kolowera m'njira yoti zitsutsane ndi siginolo yolowa. Ampulifaya imataya kukula kwake kochuluka, koma kotsalako kumakhala kodalirika, kolamulidwa ndi marezisita. Patebulo paja, rezisita ya 100 kΩ ndiyo ikugwira ntchito yobwezayo.

Zimachitika motere. Siginolo ya theka la volti ikangofika, imayamba kukokera mwendo 2 m'mwamba. Mwendo 2 ndi polowera pa mayinasi, choncho ukangokwera pang'ono kuposa mwendo 3, potulukira pamathamangira pansi. Kutsikako kumabwerera ku mwendo 2 kudzera m'rezisita yobweza, n'kuukokera pansi. Potulukira pakatsika mopyola, mwendo 2 umagwa pansi pa ziro, ndipo kachipu kamabwezanso potulukira m'mwamba. Malo okhawo amene zinthu zingakhazikike ndi pamene mwendo 2 wafanana ndi mwendo 3.

Zili ngati thabwa lalitali limene munthu wagwira kunsonga imodzi, atauzidwa kuti chizindikiro cholembedwa pafupi ndi nsonga inayo chisasunthe. Chizindikirocho chagawa thabwa pawiri, mbali yaifupi ndi mbali ina yotalika kakhumi. Mnzake akakweza nsonga yaifupi ndi chala chimodzi, iye ayenera kutsitsa nsonga yake ndi zala khumi kuti chizindikiro chikhale pomwe chinali. Palibe msomali wokhomera chizindikirocho. Chikungosungidwa ndi dzanja la wogwirayo, ndipo dzanjalo likafika pansi n'kulephera kutsikanso, chizindikiro chimasuntha.

Mabuku amatcha zimenezi shoti yongoyerekeza. Mwendo 2 ndi mwendo 3 imakhala ndi volteji imodzi ngati yagundana, koma karenti siidutsa pakati pake monga imachitira pa shoti yeniyeni. Poti pano mwendo 3 uli ku giraundi, mwendo 2 umatchedwanso giraundi yongoyerekeza.

Powerengera, amisiri amayamba ndi opampu yangwiro, yomwe kukula kwake kulibe malire ndipo polowera pake sipamwa karenti ngakhale pang'ono. Pamenepa pamatuluka mfundo ziwiri. Yoyamba, mwendo 2 uli pa ziro. Yachiwiri, karenti yonse yofika pa mwendo 2 iyenera kupitirira ndi njira ina, chifukwa m'kachipu siilowa. Zotsalazo ndi lamulo la Ohm basi.

Rezisita yolowera ili ndi 0.5 V mbali imodzi ndi ziro mbali inayo. Karenti yake ndi 0.5 V kugawa ndi 10 kΩ, zomwe ndi 50 µA. Karentiyi ikafika pa mwendo 2 ilibe kwina kolowera koma m'rezisita yobweza. Kuti 50 µA idutse mu 100 kΩ pafunika kusiyana kwa 5 V, ndipo poti karenti ikuchokera pa ziro kutsetsereka kupita ku mwendo 6, mwendo 6 uyenera kukhala mavolti 5 pansi pa ziro. Ndi −5 V yemwe mita inawerenga uja. Polemba mwachidule zimakhala chonchi:

```
I = Vin / R1
Vout = −I × Rf = −(Rf / R1) × Vin
```

M'masamuwa dzina la kachipu mulibe, ndipo nambala ya 200,000 ija mulibenso. Mmisiri akhoza kuzula 741 n'kuikapo opampu ina ya miyendo yofanana, monga TL071, ndipo mita idzawerengabe −5 V. Kukula kwa siginolo kwalamulidwa ndi marezisita awiri otchipa.

Funso limene wophunzira watcheru amafunsa pano ndi loyenera. Ngati miyendo iwiriyi ili pa volteji imodzi ndendende, kusiyana kwake ndi ziro, ndiye kachipu kakuchulukitsa chiyani kuti katulutse −5 V? Yankho ndi lakuti kusiyana kulipo, kungoti n'kochepa kwambiri. Mavolti 5 kugawa ndi 200,000 ndi 25 µV. Mwendo 2 uli pamwamba pa mwendo 3 ndi kakusiyana kameneka, komwe mita wamba ya m'thumba siikaona. Kukanyalanyaza kumabweretsa cholakwa chosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10,000 a yankho, pamene rezisita ya mkanda wagolide kumapeto imaloledwa kuphonya ndi magawo 5 pa 100 alionse. Amene akufuna yankho lolondola ayambe wayang'ana marezisita ake asanakayikire kachipu.

Pali chinthu chimodzi chimene ziro ameneyu amabweretsa chomwe ambiri amaiwala. Chipangizo chotumiza siginolo chimaona rezisita ya 10 kΩ yopita ku giraundi, osati khomo lotsekeka la opampu. Chimayenera kupereka 50 µA yonse ija. Ngati chipangizocho chili ndi kukaniza kwakekwake kwa 1 kΩ m'kati, kukanizako kumawonjezeka pa rezisita yolowera, ndipo kukula kumakhala 100 kugawa ndi 11, pafupifupi 9.1 m'malo mwa 10. Mmisiri woona −4.5 V pomwe amayembekezera −5 V ayese kaye volteji yolowa waya ali wolumikizidwa kale, chifukwa nthawi zambiri imakhala itatsika.

Tsopano pabwere siginolo yachiwiri. Mmisiri watenga rezisita ya 20 kΩ, nsonga imodzi waiika pa mwendo 2, inayo waipatsa 0.2 V. China chilichonse chili momwe chinalili.

Mwendo 2 ukadali pa ziro, chifukwa kachipu sikasamala kuti karenti yachokera kungati. Choncho rezisita yoyamba ikuperekabe 50 µA yake, osachepa osachuluka. Yachiwiri ikupereka 0.2 V kugawa ndi 20 kΩ, zomwe ndi 10 µA. Makarenti awiriwa akakumana pa mwendo 2 amakhala 60 µA, ndipo yonseyo imadutsa m'rezisita yobweza. Mwendo 6 umatsikira pa −6 V.

```
Vout = −Rf × (V1 / R1 + V2 / R2)
Vout = −100 kΩ × (50 µA + 10 µA) = −6 V
```

Siginolo iliyonse ili ndi kukula kwakekwake. Yoyamba ikuchulukitsidwa kakhumi, yachiwiri kasanu, ndipo wofuna kusintha imodzi amangosintha rezisita yake osakhudza inzake. Wofuna kukweza zonse pamodzi amasintha rezisita yobweza. Marezisita onse atatu akakhala ofanana, potulukira pamangopereka siginolo ziwirizo zitaphatikizidwa n'kutembenuzidwa. Siginolo yachiwiri ikakhala −0.2 V, imachotsa 10 µA pa mwendo 2 m'malo mowonjezera, m'rezisita yobweza mumadutsa 40 µA, ndipo mita imati −4 V. Makina omwewo aphatikiza ndipo achotsera.

Kuti ubwino wake uoneke, ndi bwino kuona zomwe zimachitika opampu palibe. Munthu akhoza kutenga marezisita awiri aja n'kungowapotera pamodzi kunsonga. Malo okumanirana sakhalanso pa ziro. Amakhala pakati pa 0.5 V ndi 0.2 V, kufupi ndi mbali ya rezisita yaing'ono, pa 0.4 V. Karenti imachoka ku siginolo yoyamba n'kukalowa m'chipangizo cha siginolo yachiwiri. Siginolo imodzi ikasuntha, inzake imamva. Wowonjezera yachitatu amasokoneza mlingo wa ziwiri zoyamba. Koma pomwe pali opampu, siginolo iliyonse ikayang'ana kutsogolo imangoona rezisita yake ndi ziro kuseri kwake, moti siidziwa n'komwe kuti pali inzake.

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi mikisa ya zokuzira mawu m'tchalitchi kapena pa ukwati anaziona zimenezi zikugwira ntchito. M'mamikisa ambiri a analogi, tchanelo chilichonse chimatumiza mawu ake kudzera m'rezisita yake kupita pa waya mmodzi wautali, ndipo wayayo amathera pa polowera pa mayinasi pa opampu. N'chifukwa chake wokweza kiyibodi satsitsa mawu a woimba.

Mbiri imaonetsa kuti kuphatikiza sikunabwere mochedwa ngati chowonjezera. Mu 1941, Karl Swartzel wa ku Bell Labs analembetsa luso la ampulifaya yophatikiza yopangidwa ndi mavavu, yokhala ndi polowera pa mayinasi pokha. Inagwiritsidwa ntchito m'makina a M9 owerengera komwe mizinga yowombera ndege iyenera kuloza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Dzina loti opampu linafala kuchokera m'pepala la John Ragazzini ndi anzake la 1947, pomwe maampulifayawa ankagwira ntchito za masamu m'makompyuta a analogi. Kachipu ka 741 kanadza pambuyo, mu 1968, kopangidwa ndi David Fullagar ku kampani ya Fairchild.

Komabe ziro uja amakhalapo pokhapokha kachipu kakutha kumusunga, ndipo malire oyamba ndi magetsi amene kapatsidwa. Mmisiri achotse kaye siginolo yachiwiri ndi rezisita yake, kenako akweze yoyamba kufika pa 1.5 V. Masamu akuti potulukira pakhale −15 V. Koma magetsi ndi −12 V, ndipo 741 siifika n'komwe pamenepo, imatsala ndi volti imodzi kapena ziwiri. Tinene kuti yaima pa −10.5 V. Tsopano marezisita awiri aja angokhala pakati pa +1.5 V ndi −10.5 V, opanda wowawongolera. Kusiyana konse ndi 12 V pa 110 kΩ, karenti ndi pafupifupi 109 µA, rezisita yolowera imadya pafupifupi 1.09 V, ndipo mwendo 2 umakwera kufika cha pa 0.4 V. Mita wamba imauona bwinobwino.

Pa ampulifaya yophatikiza malire amenewa amafika msanga, chifukwa amayang'ana zonse pamodzi. Siginolo yoyamba payokha ikhoza kufuna −8 V, yachiwiri payokha −5 V, zonse zili bwino. Zikabwera nthawi imodzi zimafuna −13 V, ndipo nsonga za siginolo zimadulidwa. M'zokuzira mawu khutu limamva kusasa ndi kuthetheka nthawi imene oimba onse akweza mawu limodzi. Pa nthawi imeneyo mwendo 2 wachoka pa ziro, ndiye kuti mpanda wolekanitsa siginolo zija nawonso wagwa.

Cholakwa chofala kwa oyamba kumene ndi kupatsa kachipu batire imodzi, mwendo 4 n'kuulumikiza ku giraundi, kenako kulowetsa siginolo ya pulasi. Masamu amafuna volteji ya mayinasi, koma m'dera lonselo mulibe magetsi a mayinasi oti kachipu katengeko. Potulukira pamangokakamira pansi. Njira zake ndi ziwiri. Ina ndi kugwiritsa ntchito mabatire awiri, giraundi n'kukhala pakati pawo. Ina ndi kukweza mwendo 3 kufika pa theka la magetsi pogwiritsa ntchito marezisita awiri ofanana. Mwendo 2 umatsatira mwendo 3 kulikonse komwe waikidwa, ndipo masamu onse amawerengedwa kuchokera pa mlingo watsopanowo. Cholakwa china ndi kusinthanitsa mwendo 2 ndi mwendo 3. Zobwezedwa zimathandizira siginolo m'malo moitsutsa, ndipo potulukira pamathamangira kumapeto n'kukhala komweko.

Malire achiwiri ndi liwiro. Nambala ya 200,000 ija imagwira ntchito pa siginolo zoyenda pang'onopang'ono zokha. Mu 741 imatsika siginolo ikamafulumira, mpaka kufika pa 1 cha pa 1 MHz. Pa 10 kHz imakhala pafupifupi 100 basi. Kuti potulukira pafike 5 V pa liwiro limeneli, mwendo 2 uyenera kusuntha ndi 50 mV, osatinso 25 µV. Ziro wayamba kugwedera.

Apa ndi pamene mtengo wa polowera pachiwiri umaonekera, ndipo masamu ophatikiza aja sauonetsa. Zobwezedwa kuchokera ku mwendo 6 zimagawidwa pakati pa rezisita yobweza ndi marezisita onse olowera ali pamodzi. Ndi 10 kΩ yokha, gawo limodzi mwa 11 ndilo limafika pa mwendo 2. Powonjezera 20 kΩ, marezisita awiriwo pamodzi amakhala ngati 6.67 kΩ, ndipo lofika ndi gawo limodzi mwa 16. Liwiro lomwe ampulifaya imayamba kufooka limapezeka pogawa 1 MHz ndi nambala imeneyi. Poyamba linali pafupifupi 91 kHz, tsopano latsikira cha pa 62 kHz. Kukula kwa siginolo yoyamba kukadali 10, koma mphamvu yosungira ziro yachepa.

Nambala yomweyo imachulukitsanso zilema za kachipu. Polowera pawiri pa opampu yeniyeni sipafanana ndendende, ndipo mu 741 kupendekekako kumakhala milivolti imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kuposa. Kukakhala 2 mV, potulukira pamaonetsa 22 mV siginolo zonse zili pa ziro. Powonjezera polowera pachiwiri pamaonetsa 32 mV. Phokoso la m'kati mwa kachipu limakula mofananamo. Choncho mikisa ya matchanelo ambiri imakhala ndi kaphokoso kochulukirapo ngakhale matchanelo ena atatsitsidwa mpaka pansi, bola marezisita awo akadali olumikizidwa.

Mfundo yoti polowera sipamwa karenti nayonso ili ndi malire ake. Kachipu ka 741 kamamwa pafupifupi 80 nA pa mwendo uliwonse wolowera. Mu 100 kΩ karentiyi imabala 8 mV potulukira, zomwe pa ntchito zambiri sizivuta. Mu 1 MΩ imabala 80 mV. Mankhwala akale ndi kuika rezisita pakati pa mwendo 3 ndi giraundi, yofanana ndi marezisita onse a pa mwendo 2 ali pamodzi. Pa 10 kΩ, 20 kΩ ndi 100 kΩ yankho ndi 6.25 kΩ, ndipo ya 6.2 kΩ yogulidwa m'sitolo imakwanira. Wowonjezera polowera pachitatu ayenera kuwerengeranso rezisita imeneyi. Tichipu ngati TL071 timamwa karenti yochepa kwambiri moti nthawi zambiri sitifuna mankhwalawa.

Zonsezi zimapatsa mmisiri njira yaifupi yofufuzira vuto. Ampulifaya yotembenuza kapena yophatikiza ikakana kupereka yankho loyembekezeka, ayambe wayesa magetsi pa mwendo 7 ndi mwendo 4. Akatero agunditse mita pa mwendo 2 ndi mwendo 3. Miyendo iwiriyi ikasiyana ndi mamilivolti ochepa chabe, kachipu kakugwira ntchito yake, ndipo vuto lili m'marezisita kapena m'siginolo yolowa. Ikasiyana ndi gawo looneka la volti, kubweza kwasokonekera, ndipo mwendo 6 umanena chifukwa chake. Ukakhala utakakamira kufupi ndi magetsi, ndiye kuti siginolo yachuluka, kapena rezisita yobweza yaduka, kapena miyendo yasinthanitsidwa. Ukakhala pakatikati osasuntha pomwe miyendo yolowera yasiyana kwambiri, mwina potulukira pagundana ndi giraundi, apo ayi kachipu kapsa.

Inu amene muli ndi 741, marezisita atatu ndi mita, lumikizani dera limeneli sabata ino. Lembani papepala yankho lomwe mukuyembekezera musanayatse magetsi, kenako kwezani siginolo pang'onopang'ono mita ili pa mwendo 2. Ndi rezisita ya 10 kΩ yokha polowera, 100 kΩ yobweza ndi magetsi a 12 V mbali zonse, mudzaona ziro akuyamba kuchoka siginolo ikangopitirira pang'ono volti imodzi.